Inshuwalansi ya chipatala ya boma kwa anthu opanda abwana: amadula bwanji, ndipo khadi imatsegula chani?

Boma la dziko lina lililonse likangolengeza kuti aliyense azisonkha ndalama ya inshuwalansi ya chipatala, funso loyamba limachokera kwa anthu omwewo, wogulitsa pamsika, telala, mlimi, wamaganyu, kalipentala, wonyamula anthu pa njinga yamoto. Amati nanga ife tilibe malipiro apamwezife mudula pati? Ndipo funsoli silachibwana, ndi funso lomwe lasowetsa tulo maunduna a zaumoyo kwa zaka zambirimbiri. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO mu 2018 linawerengera kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, kuposa 60 peresenti ya onse ogwira ntchito padziko lapansi, amagwira ntchito zosalembedwa m'mabuku a boma, ndipo mu Africa ndi oposa 85 peresenti. Ndiye tikamakamba za anthuwa sitikukamba za kagulu kapambali ayi, m'mayiko ambiri ndiwo ochuluka.

Inshuwalansi imeneyi ndi chani kwenikweni

Ndi thumba limodzi la ndalama lomwe lamulo la dziko limakhazikitsa, anthu amaponyamo asanadwale, kenako wina akadwala thumbalo ndi lomwe limalipira chipatala. Kusiyana kwake ndi inshuwalansi ya kampani yapulaiveti kuli pa mfundo imodzi basi koma yayikulu. Kampani imayang'ana thupi lanu, zaka zanu, matenda amene muli nawo kale, nkukuuzani mtengo. Ya bomayi siyenera kutero, imayang'ana zomwe mumapeza. Wopeza zambiri amasonkha zambiri, wopeza zochepa amasonkha zochepa, koma onse akagonekedwa chithandizo chimayenera kukhala chofanana.

Taganizani thanki yamadzi imene nyumba zambiri zimathiramo, wina ndowa ziwiri wina theka, koma nyumba iliyonse ikayaka moto amatunga madzi okwana kuzimitsa osafunsa kuti unathira angati. Thankiyo si akaunti yanu. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, mumva wina akuti ndalipira chaka chonse sindinadwale ndiye andibwezere, ayi sizibwerera, zinazimitsa moto wa wina.

Zinayambira ku Germany mu 1883 nthawi yomwe Bismarck ankatsogolera boma. Lamulolo linali la ogwira ntchito m'mafakitale, ndalama ankadula kumalipiro, wantchito ankapereka magawo awiri mwa atatu abwana nkuwonjezera gawo limodzi. Dongosolo lonselo linamangidwa pa zinthu ziwiri, malipiro odziwika ndi abwana oti adule ndalamayo isanafike m'manja mwa mwini wake. Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe zonse ziwiri. Nchifukwa chake olo mayiko olemera anatenga nthawi kuti afikire anthuwa. Japan inafikira aliyense mu 1961, South Korea inayamba ndi makampani akuluakulu mu 1977 nkudzafika kwa odzilemba okha a m'matauni mu 1989, ndipo anthu amati kumeneko kunali kuthamanga kwambiri.

Mtengo amaupeza bwanji kwa munthu wopanda pepala la malipiro

Njira zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi pomwe imaluma.

Yophweka ndi mtengo umodzi kwa aliyense. Ku Kenya pansi pa NHIF, bungwe la boma la inshuwalansi ya chipatala lomwe linayamba mu 1966, munthu wodzilemba yekha kuyambira 2015 ankalipira mashilingi 500 pamwezi, kaya ali ndi kabenchi ka tomato kaya ali ndi mashopu atatu. Ubwino wake aliyense amadziwa, palibe zokangana ndi kalaliki. Koma 500 kwa wopeza 5,000 ndi 10 peresenti, kwa wopeza 100,000 ndi theka la peresenti imodzi, ndiye wosauka ndi amene amasenza katundu wolemera, zomwe zikutsutsana ndi mfundo ija ya thanki.

Mu Okutobala 2024 Kenya inasiya NHIF nkuyamba bungwe latsopano lotchedwa SHA, ndipo lamulo latsopano linati banja lililonse lizipereka 2.75 peresenti ya zomwe limapeza, osachepera mashilingi 300 pamwezi. Wolembedwa ntchito amangomudula. Wosalembedwa amamufunsa mafunso okhudza nyumba yomwe akukhala, katundu amene ali naye, anthu a pakhomo, kenako kompyuta imayerekeza kuti ameneyu amapeza mwakuti. Ikayerekeza 20,000 pamwezi ndiye kuti 550 pamwezi, 6,600 pachaka. Koma taonani ka 300 kaja. 2.75 peresenti imakwana 300 munthu akamapeza pafupifupi 10,900, ndiye aliyense wopeza zochepera pamenepo akulipira zoposa 2.75 peresenti, wopeza 5,000 akulipira 6 peresenti. Mtengo wapansi uli ngati mtengo umodzi uja wabwereranso koma kwa osauka okha, pokhapokha boma liwalipirire.

Vuto lina la kuyerekezako nlakuti katundu si ndalama. Munthu atha kukhala m'nyumba ya njerwa yomwe anasiyiridwa ndi makolo koma m'thumba mulibe kanthu, wina akukhala ya lendi ya chipinda chimodzi koma bizinesi ikumuyendera heve. South Korea kwa zaka zambiri inkawerengera odzilemba okha potengera ndalama, nyumba ngakhale galimoto, ndipo madandaulo anali omwewa, kuti munthu wapuma ntchito ndalama sizikulowa koma bilu yakwera chifukwa ali ndi nyumba. Ku Germany nako lamulo linkaganiza kuti wodzilemba yekha aliyense amapeza osachepera mlingo wina wake wokwera ndithu, anthu a timabizinesi tating'ono nkumagwa m'ngongole, mpaka mu 2019 mlingowo anawutsitsa ndi theka. Ndiye si nkhani ya mayiko osauka okha.

Rwanda inadutsa pakati. Mu dongosolo la 2011 anthu anawaika m'magulu potengera kapezedwe kawo, otchedwa ubudehe, omwe ankasankhidwa pamudzi pomwe anthu amadziwana. Osaukitsitsa boma linkawalipirira mafranki 2,000 munthu mmodzi pachaka, apakati ankalipira okha 3,000, opeza bwino 7,000. Anthu oyandikana amadziwa zambiri kuposa fomu, nzoona, koma amakhalanso ndi zokondera ndi tizidani tawo, komanso gulu lomwe munthu wayikidwa likayamba kukhudza thandizo lina la boma aliyense amalimbira kuti aoneke wosauka.

Chifukwa chake amakakamiza, komanso amadikiritsa

Mawu akuti mokakamiza ndi omwe amakwiyitsa anthu kwambiri, ndiye tiyeni tiwerenge masamu ake ndi manambala ongoyerekeza. Anthu 1,000, aliyense akulipira 120 pachaka, thumba lili ndi 120,000. Mwa iwo 100 adwala kwambiri chaka chimenecho, aliyense chithandizo chake 1,000, zonse 100,000. Thumba lakwanitsa, kwatsalanso yoyendetsera ofesi.

Tsopano nenani kuti wofuna alowe wosafuna asiye. Amene akudziwa kuti ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, mayi woyembekezera, wofunika opaleshoni, amenewo alowa msanga. Mnyamata wathanzi auza mnzake kuti ndalama yanga siipita kumeneko. Tinene kuti alowa 300, koma mwa odwala 100 aja alowa 80. Thumba lalandira 36,000, likufunika kulipira 80,000. Kuti zikwane mtengo uyenera kukwera kufika pafupifupi 267, kuposa kawiri, ndipo ukangokwera athanzi amene anatsala aja nawo atuluka, chaka chamawa zinthu zaipiratu. Palibe amene waba apa, aliyense wangochita zomwe zikumuyenera iyeyo, koma thumba lafa.

Njira zothana nazo ndi zomwe anthu amakumana nazo pawindo nkumaona ngati nkhanza chabe. Kulembetsa banja lonse osati wodwala yekha. Kudikira masiku angapo khadi isanayambe kugwira, NHIF inali ndi masiku 60 kwa odzilemba okha. Kulipiritsa chaka chonse pakamodzi. Chindapusa kwa amene anasiya kulipira nkubwerera atadwala. Zonsezi cholinga chake nchimodzi, kuti munthu asamalowe tsiku lomwe wadwala nkutuluka tsiku lomwe wachira. Koma mpeni womwewu umachekanso munthu amene sanasiye mwadala, amene mvula sinagwe bwino kapena katundu wake analandidwa, ndipo kompyuta sisiyanitsa awiriwa.

Komanso kunena kuti nzokakamiza papepala nkosavuta. Wolembedwa ntchito sangathawe chifukwa ndalama amadula asanaione. Wogulitsa pamsika mumugwira bwanji? Maboma ena amayesa kumangirira khadiyi ku zinthu zina, kuti ukafuna laisensi kapena chikalata china cha boma uonetse kuti unalipira, ndipo pamenepo pamabuka mkangano wina woti kodi nkoyenera kumana munthu ntchito za boma chifukwa cha ngongole ya chipatala.

Tione banja limodzi ku Indonesia

Ndasankha Indonesia chifukwa malamulo ake ndi olembedwa mwatsatanetsatane ndipo sikimu yake, JKN, yomwe inayamba pa 1 Januwale 2014 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la boma la BPJS Kesehatan, ndi imodzi mwa zikuluzikulu padziko lapansi, mamembala oposa 200 miliyoni.

Anthu anawagawa motere. Wolembedwa ntchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro, 4 abwana 1 iyeyo, ndipo imeneyo imakwanira iye, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana mpaka atatu. Osauka, omwe ndi pafupifupi 96 miliyoni pa mndandanda wa boma lalikulu, boma limawalipirira. Otsala pakatipo ndi athu aja, osalembedwa koma osawerengedwa ngati osauka, ndipo iwowa amalipira okha, munthu aliyense payekha osati banja.

Tiyerekeze bambo wonyamula anthu pa njinga yamoto, mkazi wake amaphika zakudya zogulitsa, ana awiri. Malinga ndi mitengo ya mu 2021 pali makalasi atatu. Kalasi yoyamba marupiya 150,000 munthu mmodzi pamwezi, yachiwiri 100,000, yachitatu 42,000 koma boma limaikapo 7,000 ndiye munthu amatulutsa 35,000. Kalasi imangosintha chipinda chogonekedwa, kuti muli mabedi angati, mankhwala ndi opaleshoni ndi zomwezo. Banja lathu lasankha yachitatu. Bamboyu sangalembetse yekha, onse olembedwa pa khadi ya banja ayenera kulowa, ndiye 35,000 kuchulukitsa ka 4, ndi 140,000 mwezi uliwonse, yolipira pofika pa 10. Akangolembetsa amadikira masiku 14 asanalipire koyamba kuti makhadi ayambe kugwira.

Taonani kusiyana ndi mnzake amene amagwira ntchito m'fakitale. Uja mwana wachitatu akabadwa ndalama yodulidwa sisintha. Uyu mwana aliyense ndi 35,000 ina, ndipo palibe abwana omuthandiza ndi 4 peresenti.

Tsopano njinga yawonongeka, ndalama zavuta, alekeza kulipira miyezi 6. Mwezi ukatha osalipira makhadi amayimitsidwa kuyambira pa 1 mwezi wotsatira. Mwana wadwala, akufunika kugonekedwa. Kuti makhadi adzuke bamboyu ayenera kubweza ngongole yonse, 140,000 kuchulukitsa ka 6 ndi 840,000, kuphatikiza mwezi uno 140,000, zonse 980,000. Lamulo limawerenga ngongoleyi mpaka miyezi 24 basi, olo munthu atasiya zaka zisanu.

Wakongola kwa achibale, walipira, makhadi adzuka. Koma pali chachiwiri. Munthu akagonekedwa pasanathe masiku 45 khadi itangodzuka, pamakhala chindapusa cha 5 peresenti ya mtengo woyerekezedwa wa chithandizocho kuchulukitsa ndi miyezi yomwe sanalipire, miyezi yake amawerenga mpaka 12 ndipo pali malire apamwamba. Tinene kuti chithandizo cha mwanayu chayerekezedwa pa 8,000,000. 5 peresenti yake ndi 400,000, kuchulukitsa ka 6 ndi 2,400,000. Ndiye sabata imeneyo bamboyu watulutsa 3,380,000, pomwe akanamalipira mwezi ndi mwezi ikanakhala 980,000 yokha ndiponso yomwazikana. Komabe ndi yochepera theka la 8,000,000 yomwe akanalipira opanda khadi. Chindapusachi sichikhudza wongopita kukaonana ndi dokotala nkubwerera kunyumba, ndi cha ogonekedwa okha, ndipo amene boma limawalipirira sichiwakhudza.

Mutha kuyang'ana nkhaniyi mbali ziwiri ndipo zonse zili ndi mutu. A thumba akuti popanda chindapusa aliyense azichita zomwezi dala, ndipo kwa zaka zingapo zoyambirira JKN inkakhala ndi ngongole zikuluzikulu, gulu la anthu olipira okha lili m'gulu la omwe ankadya zambiri kuposa zomwe ankaponya. Ena akuti munthu amene walephera 140,000 pamwezi mukumufunsa 3,380,000 tsiku lomwe mwana wake ali pabedi, ambiri angobwerera kunyumba ndi mwanayo. Nkhani ya mitengoyi inafika mpaka kukhoti, mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa kukweza kwina komwe boma linachita, boma nkutulutsanso lamulo lina chaka chomwecho.

Nanga khadi yolipiridwa imatsegula chani

Yankho lalifupi, imatsegula zomwe zili pa mndandanda, pa chipatala chomwe chili pa mgwirizano, mukadutsa njira yomwe anaika. Zitatu zonsezi zikuyenera kukumana, chimodzi chikasowa mulipira nokha olo khadi ili bwinobwino.

Mndandanda ndi chikalata chonena matenda, mankhwala ndi maopaleshoni omwe thumba limalipira. Wa ku Indonesia ndi wotakata, muli kubereka ndi opaleshoni yake, kutsuka magazi kwa odwala impso, khansa, maopaleshoni a mtima. Mulibe zokongoletsa thupi, kuwongola mano, chithandizo cha kusabereka, kapena kukalandira chithandizo kunja kwa dziko. Ndipo bambo wathu wa njinga uja akachita ngozi yapamsewu yogundana ndi galimoto ina, woyamba kulipira ndi thumba lina la ngozi zapamsewu, Jasa Raharja, JKN imabwera pambuyo pa zotsala. Mankhwala nawo ali ndi mndandanda wawo, dokotala akalemba dzina lomwe mulibemo mutha kupezeka mukulipira m'thumba mwanu.

Njira ndi ija yoyambira pansi. Ku Indonesia munthu aliyense amalembetsedwa pa kachipatala kamodzi koyambirira, nthawi zambiri puskesmas, komwe ndi kachipatala ka boma, kapena kiliniki, ndipo kuchipatala chachikulu amapita ndi kalata yochokera kumeneko, kupatula zadzidzidzi. Mukalumpha nokha kupita kwa dokotala wamkulu chifukwa mzere ndi wautali, thumba silikudziwani.

Pena pamakhala kandalama kowonjezera tsiku lomwe mwapita. Ku Rwanda ndi mafranki 200 pa chipatala chaching'ono ndi 10 peresenti ya bilu pa chachikulu. Cholinga nchoti anthu asamangopita chisawawa, koma 10 peresenti ya bilu yayikulu ndi ndalama yayikulunso kwa mlimi.

Kenya yayesa china chosangalatsa kuchiyang'ana, inagawa mathumba atatu. Loyamba ndi la chithandizo choyambirira pa zipatala zing'onozing'ono, lomwe ndalama yake imachokera ku msonkho ndipo limatseguka munthu akangolembetsa. Lachiwiri ndi lija la 2.75 peresenti, la zipatala zikuluzikulu ndi kugonekedwa, limeneli limafuna kuti mukhale olipira. Lachitatu ndi la zadzidzidzi ndi matenda aakulu okhalitsa. Ndiye munthu akanena kuti ndinalembetsa koma anandibweza, nthawi zambiri nkhani imakhala yoti kulembetsa ndi kulipira ndi zinthu ziwiri zosiyana, zimatsegula makomo osiyana.

Pali chinthu china chomwe sichilembedwa pa khadi koma ndi chomwe chimalamula zomwe mukapeze, kuti thumba limalipira chipatala bwanji komanso liti. Zipatala zing'onozing'ono ku Indonesia zimalandira ndalama yokhazikika pa munthu aliyense wolembetsedwa pamwezi, abwere asabwere, zikuluzikulu zimalandira mtengo woikidwiratu pa mtundu wa matenda. Mtengowo ukakhala wotsika kuposa zomwe chipatala chagwiritsa, kapena thumba likachedwa kulipira miyezi ingapo, chipatala chimadziteteza. Zizindikiro zake mumaziona nokha, akuuzani kuti mankhwala atha mukagule panja koma wolipira kashi akulandira, bedi la kalasi yanu kulibe koma lapamwamba lilipo mukawonjezera, tsiku la opaleshoni likungosunthidwa, kapena pageti pamatidwa pepala loti makhadi sitikulandira kaye. Ghana yadutsa m'zimenezi kangapo, zipatala za mishoni ndi zapulaiveti kuopseza kuti zisiya kulandira makhadi chifukwa cha ngongole zakale. Munthu wolembedwa ntchito akakumana nazo amangodandaula, ndalama azimudulabe. Wodzilemba yekha chaka chamawa salipiranso, ndipo sindingamunene.

Ndalama zenizeni zimachokera kuti

Apa pali chinthu chomwe zolengeza zambiri sizinena mokweza. Zosonkha za anthu osalembedwa ntchito pafupifupi kulikonse ndi kagawo kakang'ono ka thumba. Ghana inakhazikitsa sikimu yake, NHIS, mu 2003 pofuna kuthetsa zolipira kashi pachipatala, koma msana wa thumbalo ndi msonkho wa 2.5 peresenti womwe amaika pa katundu ndi ntchito zogulidwa, kuphatikiza gawo lodulidwa ku ndalama za penshoni za olembedwa ntchito. Ana osakwana zaka 18, okalamba a zaka 70 kupita m'mwamba, amayi oyembekezera ndi osaukitsitsa salipira ndalama ya umembala. Zomwe amalipira a pamsika ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zonse, komabe munthu akapanda kukonzanso khadi chaka chikatha satha kuigwiritsa ntchito, olo kuti msonkho uja amaulipira tsiku lililonse akagula sopo. Mu 2018 anayambitsa kukonzanso khadi pafoni, zomwe zinachotsa vuto la kutaya tsiku lathunthu pamzere, ndipo kwa munthu wodya zomwe wapeza tsikulo, tsiku lotayikalo pena limaposa mtengo wa khadi.

Thailand inafika pongosiya kutolera zosonkha kwa anthu osalembedwa ntchito. Kwa zaka zambiri inkagulitsa khadi yolowa mwakufuna, mabati 500 banja limodzi pachaka, ndipo inakumana ndi masamu aja a odwala kulowa athanzi kukhala panja. Mu 2001 ndi 2002 inangoti aliyense amene sali pa sikimu ya ogwira ntchito m'boma kapena m'makampani alowe sikimu yolipiridwa ndi msonkho, munthu nkumangopereka mabati 30 akapita kuchipatala. Palibe kutolera pamsika, palibe khadi kufa. Philippines inakweza msonkho wa fodya ndi mowa mu 2012 nkugwiritsa gawo lalikulu kulipirira osauka ku PhilHealth, thumba la inshuwalansi ya chipatala la dzikolo, kenako lamulo la 2019 linati nzika iliyonse ndi membala.

Ndiye bwanji onse osachita ngati Thailand? Chifukwa msonkho umafunika ukhalepo. Dziko lomwe anthu ambiri sali m'mabuku limavutikanso kutolera msonkho pa chifukwa chomwecho, ndipo ndalama yochokera ku bajeti imadalira nduna ya zachuma chaka ndi chaka, chaka chovuta imadulidwa. Amene amakonda zosonkha amatinso munthu wolipira amakhala ndi mphamvu yofunsa, amati ndinalipira ndipatseni, pomwe za ulere anthu amangolandira zilizonse. Otsutsa amayankha kuti ndalama yotolera kandalama kakang'ono kwa anthu mamiliyoni omwazikana imadya gawo lalikulu la kandalamako, ndipo zotsatira zake ndi anthu ambiri olembetsedwa koma makhadi akufa. Mukamva chiwerengero cha mamembala m'nkhani, funso loyenera ndi lakuti ndi olembetsa kapena olipira mwezi uno, chifukwa manambala awiriwa amatha kutalikirana kwambiri.

Zomwe sizinayankhidwebe

Nthawi yolipira ikadali mutu. Mlimi ndalama amaiona kamodzi kapena kawiri pachaka, wa njinga amaiona tsiku ndi tsiku koma yochepa, ndiye pamwezi sipakwanira onse awiri. Kenya inayamba ndi kufuna ya chaka chonse pakamodzi kwa osalembedwa ntchito, madandaulo atachuluka mu 2025 inabweretsa njira yolipira pang'onopang'ono pafoni. Koma munthu amene wafika theka la ndalama ya chaka nkudwala, khadi yake itseguke kapena ayi? Mukati inde masamu aja abwerera, mukati ayi ndiye kulipira pang'onopang'onoko phindu lake nlotani kwa iye.

Palinso anthu omwe sakudziwika kuti ali mbali iti. Woyendetsa galimoto kapena njinga kudzera pa apu ya kampani, ndalama zake zonse zikuoneka pa kompyuta ya kampaniyo, kudula nkosavuta, koma kampani ikuti si wantchito wathu ndi mnzathu pabizinesi. Gawo la abwana lija alipire ndani? Makhoti ndi nyumba za malamulo m'mayiko osiyanasiyana akuyankha mosiyana.

Kenako anthu apakati aja, omwe ali pamwamba pang'ono chabe pa mzere wa umphawi womwe boma linajambula. Mndandanda wa osauka umakonzedwa mwa apo ndi apo pomwe umphawi umasintha mwezi ndi mwezi, banja lomwe linali bwino chaka chatha lero bambo wadwala ndipo ndi matenda omwewo omwe awalepheretsa kulipira. Angalowe msanga bwanji pa mndandanda wolipiriridwa, ndipo akakanidwa kapena kompyuta ikawayerekezera ndalama yomwe sapeza, akadandaule kwa ndani, ndipo yankho libwera mwana akadali pabedi kapena atatuluka kale?

Ndipo boma likalipirira osalembedwa onse kuchokera ku msonkho pomwe olembedwa akudulidwa kumalipiro, kodi sizipangitsa mabwana ndi antchito ena kugwirizana kuti asalembetse ntchitoyo kuti onse apulumuke kudulidwa? Akatswiri a zachuma anakangana kwambiri za funsoli pa Seguro Popular ya ku Mexico, sikimu ya anthu osalembedwa ntchito yomwe inayamba cha mu 2003 nkuthetsedwa kumayambiriro kwa 2020, ena anapeza kuti zinachitikadi pang'ono, ena anapeza kuti kusinthako kunali kochepa kwambiri, ndipo mpaka pano sanagwirizane kuti kukula kwake kunali kotani.